Mpunga wa Akampani

Atata sakhulupirira munthu amene sanaone kwawo. Mng'ono wanga atapeza mwamuna, mnyamata wa ku Msoro waulemu wochita kupitirira, atata sanavomere ndipo sanakane. Anangopopa njinga n'kuyamba ulendo wa ku Msoroko, dzuwa likuswa mtengo, kukaona pabwalo pa makolo ake. Atabwerako anati nkhokwe ilipo, chimbudzi chili ndi chitseko, ndipo anthu oyandikana nawo satsitsa mawu akamatchula banjalo. Ukwati unachitika. Ife ana tinkawaseka kuti chaka china adzakana kubzala mpaka ataona kwawo kwa mvula.

Ndinakulira pafupi ndi Nkwali, m'mudzi umene njira yake imathera pa dimba la atata m'mbali mwa Luangwa. Kuphikira alendo ndinakuphunzirira m'makampu a alendo odzaona nyama a m'mphepete mwa mtsinjewo. Ndinayamba ndi kutsuka mapoto, kenako kusenda mbatata, mpaka ndinafika pophika buledi m'dzenje la makala, buledi amene azungu ankamujambula asanamudye ngati ndi mwana wobadwa kumene. Ndikaweruka ndinkadutsira ku dimba, n'kupeza atata akukalipira mvuu zimene zinadya chimanga chawo, mvuuzo zili phee m'madzi osawayankha. Sindinkadziwa kuti ndinali wosangalala. Ndinkangodandaula za kutentha ndi udzudzu ngati aliyense.

Kenako kunabwera matenda aja amene anaimitsa ndege. Alendo anasiya kubwera, makampu anatseka, ndipo ife ophika tinatsala ndi mipeni yathu m'manja. Mnzanga wina anandipezera malo pa nyumba ya alendo ku Lusaka. Ndinakwera basi ndikuuza atata kuti ndikungopita kukadikira kuti zinthu zikhale bwino. Zinthu zinakhaladi bwino, makampu anatsegulanso, koma pamalo panga panali patalowa ena. M'kampu munthu sachoka pa ntchito pokhapokha atakalamba kapena atamenyana ndi manijala.

Lusaka sinandilakwire kanthu, koma sindinaikonde. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, zenera lake loyang'ana mpanda wa njerwa. M'mawa ndinkadzutsidwa ndi makondakitala oitanira anthu, ine amene ndinazolowera kudzutsidwa ndi nkhwazi. Ndinkasowa zinthu zopanda pake: fungo la nthaka mvula yoyamba ikagwa pa dothi lakuda lija, masau ouma m'thumba la diresi, ngakhale phokoso la zitini zimene anthu amamenya njovu zikalowa m'mudzi kudzadya mango. Amama anali atamwalira kale, mng'ono wanga ali ku ukwati, ndiye atata anatsala okha. Ndikawaimbira foni ankandiuza za mtsinje, kuti wakwera kapena watsika, ngati kuti ndawatuma kuti aziundiyang'anira. Za iwo eni sankanena.

Chaka china, nyengo yotentha ili pakati, ndinapempha masiku ochepa n'kupita kumudzi. Basi ikadutsa Chipata n'kuyamba kutsetsereka, mtima wanga umayamba kuthamanga kuposa basiyo. Pa Jumbe ndinagula nthochi pazenera ndisakuzifuna n'komwe, pofuna kungomva mayi wogulitsayo akundiyankha m'Chikunda. Ndinafika atata ali pansi pa mtengo wa mango, atavala malaya awo a kutchalitchi tsiku losakhala Lamulungu.

"Kuli alendo mawa," anatero moni utangotha. "Akufuna iwe."

Mlendoyo anabwera pa galimoto yoyera, yayitali, yolembedwa dzina la kampani pa chitseko ndi chithunzi cha nyalugwe. Anali bambo wamsinkhu wapakati, wakhungu losalala, wodziwa kukhala pa mpando wochepa osadandaula. Anawomba m'manja kwa atata moyenera. Ndinamukonda, ndinene zoona. Anafotokoza kuti kampani yawo yakhala ikuyendetsa makampu kwa zaka zoposa khumi, kuti ali ndi kampu yaikulu ku Kafue, ndipo tsopano akufuna kumanga ina kuno. Malo amene anawakonda anali dimba la atata, pomwe mtsinje umakhota ndipo njovu zimawolokera madzulo. Za kwa amfumu ndi ku khonsolo adzayenda okha, koma kumeneko adzafunsidwa ngati mwini munda wavomera. Chimene ankafuna kwa atata chinali siginecha. Atata adzapatsidwa munda wina kumtunda, ndipo ine ndidzakhala mkulu wa khitchini.

"Mami, ife ndife fule rejistadi," anatero akundipatsa kabuku konyezimira. "Hedi ofesi ili ku Lusaka komweko. Inu mungopereka notisi ku ntchito kwanuko, mubwere muyambe kusankha anthu anu."

Mkulu wa khitchini, kwathu, pa dimba lomwe ndinaphunzirirapo kuyenda! M'mutu mwanga ndinali nditaika kale uvuni, nditasankha kale pomangira shelefu. Ndikanakhala ndi cholembera ndikanawagwira dzanja atata n'kuwasainitsa pomwepo.

Atata anamvetsera mpaka mlendoyo atamaliza. Kenako anafunsa funso lawo lija.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

Mlendoyo anaseka n'kuloza adiresi ya pa kabuku. Atata anayang'ana malembawo nthawi yaitali, ngakhale maso awo saona zilembo zazing'ono, n'kunena kuti ayankha mwana wawo akakaona.

Galimoto itachoka ndinawakalipira. Ndinati kampani si mkamwini, ndipo anthu a masiku ano sadikira munthu wokalamba kuti akayendere chimbudzi chawo. Ndinati mwayi ngati umenewu subwera kawiri. Iwo anangoti munda ukalowa pa taitolo, chikalata cha boma cha umwini wa malo, subwerera, ngakhale amfumu amene anavomera atasintha maganizo. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka mpunga wa chaka chomwecho, wopuntha pamanja, uja umanunkhira usanafike pa moto.

"Ukafika kwawoko upereke kwa akuluakulu ake. Sungalowe pakhomo pa anthu chimanjamanja."

"Atata, ku ofesi sapita ndi mpunga. Adzandiseka."

"Akakuseka udzandiuze. Nazonso n'zofunika kudziwa."

Tsiku lonyamuka ndinaona kuti kuseri kwa nyumba kuli mulu wa njerwa zouma ndi mitolo ya udzu wofolera. Ndinafunsa kuti n'zachiyani. Anati akufuna kukonza khola la nkhuku. Nkhuku zinali zochepa zedi, ndipo zinkagona mu mtengo, koma sindinafunsenso.

Ku ntchito kwathu ku Lusaka kunali mayi wosunga mabuku a ndalama, wowonda, wa magalasi, amene sankaseka nthabwala isanathe kufufuzidwa. Tinkagwirizana chifukwa ndinkamusungira chiwindi cha nkhuku. Ndinamuonetsa kabuku kaja, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati ndapereka kale notisi. Nditati ayi, anati ndikhale pansi.

Anatsegula tsamba la pa intaneti la ofesi ya boma imene imalembetsa makampani. Anati aliyense angathe kufufuzapo dzina la kampani, ngakhale pa foni. Tinalemba dzina la pa chitseko cha galimoto lija. Palibe chinatuluka. Ndinati basi, atinamiza.

"Musathamange, asisi," anatero. "Dzina la pa galimoto nthawi zambiri ndi lokopera anthu. Tipeze limene analembetsa."

Tinalipeza kumbuyo kwa kabukuko, pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere, lothera ndi mawu aja akuti limitedi. Analilemba mosamala, chilembo ndi chilembo, poti mayina a makampani amafanana ndipo ukaphonya pang'ono umapeza ya eni ake ena. Linatuluka, ndi nambala yake yolembetsera pambali. Ndinaimirira n'kuvina pang'ono mu ofesimo, apuloni ili m'chiuno.

Iye sanavine. Anati kulembetsa kampani kuli ngati kukhala ndi reji, chiphaso chija cha boma cha nzika. Munthu wabwino ali nayo, wakuba nayenso ali nayo, ndipo reji sinena kuti mwini wake amalima kapena amangogona. Chimene taona n'chakuti kampaniyo ilipo m'kaundula, basi. Kuti tidziwe ngati zonena zake n'zoona tinayenera kugula chikalata chofotokoza zonse zimene boma linalemba za iyo. Ndinalipira pa foni, ndalama yosapweteka, ndipo chikalatacho chitabwera anachisindikiza.

Anandiphunzitsa kuchiwerenga kabuku kaja kali pambali, kuti chilichonse chimene bambo uja ananena tichiyang'ane ngati chili ndi mnzake pa chikalatacho. Poyamba tsiku lolembetsa. Kampani ya zaka zoposa khumi ija inali isanakwanitse ndi chaka chimodzi chomwe. Inalembetsedwa nyengo yozizira ya chaka chomwecho, ine ndikuphika supu wa alendo a misonkhano. Malipoti a pachaka amene kampani iliyonse imayenera kupereka panalibe, ndipo mayiyo anati pamenepo tisawanamizire, nthawi yake yopereka inali isanakwane. Pa mtundu wa bizinesi panalembedwa malonda osiyanasiyana, osatchula za alendo kapena malo ogona. Madailekitala anali awiri, bambo uja ndi mayi wina wa dzina la banja lomwelo. Eni masheya anali omwewonso.

Ndinayamba kuwaikira kumbuyo ngati abale anga. Ndinati mwina kampu ya ku Kafue ili pa dzina la kampani ina yakale, ndipo iyi angoitsegulira ntchito ya kwathu.

"Zimachitika zimenezo," anavomera. "Ndiye muwafunse dzina la kampani yakaleyo, ndi laisensi yawo ya zokopa alendo, poti imeneyo imachokera ku ofesi ina, si kuno. Munthu amene ali nazo sakwiya ukamufunsa. Ndipo adiresi iyi mupiteko ndi miyendo yanu. Boma limalemba adiresi imene munthu wapereka."

Adiresi ya pa chikalata inali yomweyo ya pa kabuku, ndipo zimenezo zinandilimbitsa mtima. Tsiku langa lopuma ndinavala chitenge chatsopano, ndinaika mpunga wa atata m'chikwama, n'kukwera minibasi. Mapu a pa foni anandifikitsa pa msewu wake koma nambala ya pulotiyo anaisowa. Ku Malambo kwathu ukafunsa pakhomo pa munthu amakuuza kuti udutse mtengo wa mbuyu wobowoka, ukhote pa mjigo, ndipo asanamalize amakhala atakuuzanso kuti munthuyo akudwala chiyani. Kuno ndinayenda m'mbali mwa mipanda yaitali, manambala akudumphadumpha mopanda dongosolo, ndipo mlonda aliyense amene ndinamutchulira dzina la kampaniyo ankangopukusa mutu. Chikwama chinayamba kulemera. Ndinawatukwanira mumtima atata ndi miyambo yawo.

Nditaipeza inali nyumba yosanja, pansi pake pali sitolo ya mankhwala. Chikwangwani cha nyalugwe panalibe, galimoto zoyera panalibe. Pamwamba panali ofesi ya anthu owerengera makampani ndalama, ndipo pakhoma la pafupi ndi chitseko panali mayina a makampani ambirimbiri, lililonse pa kachitsulo kake. La kwathu lija linali m'munsi, lowala kuposa anzake.

Pa desiki panali mtsikana wa tsitsi loluka bwino. Ndinamupatsa moni wonse, mwaswera bwanji, kunyumba kuli bwanji, mpaka anakweza maso kuona kuti walowa ndani. Ndinati ndabwera kudzaona akuluakulu a kampani yakutiyakuti.

"Sakhala pano, mami. Pano ndi rejistadi ofesi chabe."

Sindinamvetse. Anandifotokozera moleza mtima kuti lamulo limafuna kuti kampani iliyonse ikhale ndi adiresi yolandirirapo makalata a boma ndi a khoti, ndipo makampani ambiri amagwiritsa ntchito adiresi ya amene anawathandiza kulembetsa. Si mlandu, ndipo ena mwa mayina a pakhomalo ndi makampani akuluakulu okhala ndi mashopu awo kwina. Koma kunena kuti pano ndi likulu lawo, ayi. Analibe chipinda, analibe desiki, analibe wantchito. Zambiri anati sanganene, poti ndi makasitomala awo.

Ndinaima pamenepo ngati munthu amene basi yamusiya. Kenako, posadziwa chochita ndi manja anga, ndinatsegula chikwama n'kutulutsa mpunga uja.

"Atata ananditumiza kuti ndipereke kwa eni nyumba."

Sanandiseke. Anayang'ana kathumbako, n'kununkhiza, n'kufunsa ngati ndi wa ku Chipata. Ndinati wa kumunsi kwake, ku chigwa. Anati agogo ake anali a kummawa komweko, koma sangalandire, chifukwa palibe womupatsa, ndipo bambo wa kampaniyo sakudziwa kuti adzabweranso liti. Anandithandiza kumanganso pakamwa pa kathumbako kuti usatayike. Ulemu wakewo unandipweteka kuposa mmene kuseka kukanandipwetekera.

Ndili pansi pa masitepe ndinamuimbira bambo uja. Ndinalankhula mofatsa, poti ndinkafunabe kuti andipatse yankho labwino. Ndikanalandira lililonse lomvekako pang'ono. Ndinati ndili pa ofesi yawo, ndabwera ndi moni wa atata. Anati akusamuka, ofesi yatsopano akuipaka penti. Ndinafunsa kuti ili kuti, kuti ndipite ngakhale pali penti. Anati makiyi ali ndi munthu wina. Nditafunsa dzina la kampani imene ili ndi kampu ya ku Kafue, ndi za laisensi, mawu ake anasintha.

"Mami, mukufuna ntchito kapena mukufuna kukhala apolisi? Anthu ofuna malo amenewa ndi ambiri."

Dzina la kampuyo anali atalilemba yekha m'kabuku kake, ndiye tsiku lotsatira mayi wa mabuku uja ndi ine tinalifufuza. Kampuyo ilipodi, ndipo ndi yokongola monga mmene zithunzi zinaonetsera. Pa tsamba lawo la intaneti panali dzina la kampani imene imaiyendetsa. Tinagulanso chikalata cha imeneyo. Inali yakale ndithu, malipoti ake a pachaka ali m'malo, koma pa madailekitala ndi pa eni masheya dzina la bambo uja silinalipo. Ndinaimba nambala ya pa tsamba lawo, osati ya m'kabuku. Mayi amene anayankha anati dzinalo akulidziwa, munthuyo ankawabweretsera alendo pa galimoto nthawi ina, koma iwo alibe pulani yomanga ku Luangwa ndipo sanatume munthu.

Mpaka lero sindidziwa ngati bamboyo anali wakuba. Mwina anali munthu wa maloto, amene ankaganiza kuti akagwira malo okongola a m'mbali mwa mtsinje adzapeza wa ndalama womanga nawo. Mwina ankafuna kungotenga taitolo n'kugulitsa kwa ena. Chimene ndinadziwa n'chakuti zaka khumi zija kunalibe, kampu kunalibe, likulu kunalibe, ndipo khitchini yanga inali m'mutu mwanga mokha. Dimba la atata lokha ndi limene linalipo.

Ndinakhala masiku angapo osawaimbira atata. Ndinkaphika mazira a alendo ndikukambirana ndekha. Kodi kampani iliyonse siyamba ili yaing'ono? Kodi sikuti yalembetsedwa, nambala ndaiona ndi maso anga? Ndikanawauza atata kuti ndapita, nyumba ndaiona, ndi yosanja, ndipo dzina lawo lili pakhoma, palibe liwu limodzi likanakhala labodza. Akanasaina. Ndikanalongedza katundu wanga, n'kutsika pa Jumbe kugula nthochi ndikudziwa kuti sindibwereranso. Ndinkafunitsitsa kupita kwathu. Ndinakwiyira mayi wa mabuku, ndipo sabata imeneyo chiwindi ndinadya ndekha.

Anaimba ndi atata. Amaimbira pa chulu cha kuseri kwa sukulu pomwe netiweki imagwira, ndipo amafuula ngati kuti Lusaka ili kutsidya kwa mtsinje. Anayamba ndi kundiuza kuti madzi atsika kwambiri, ng'ona zikuoneka pa mchenga. Kenako anafunsa.

"Wapita kwawo kwa alendo athu?"

"Ndapita, atata."

"Wawapeza?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa tsiku lolembetsa mpaka pa kachitsulo ka pakhoma. Ndinayembekeza kuti anyada, kuti anena kuti mwaona, ine ndinanena. Ndinali nditakonzeka kukwiya nawo. Koma sananyade.

"Mwina sunaone bwino," anatero, mawu atatsika. "Nyumba za ku Lusaka zimafanana. Mwina unalowa khomo lina."

Atata, amene anapalasa njinga mpaka ku Msoro kukayendera chimbudzi cha eni ake, ankandipempha kuti ndikhale kuti ndalakwitsa. Apo m'pamene ndinamvetsa za njerwa zija ndi udzu: ankandimangira ine nyumba. Ndinakhala pansi pa kreti ya mabotolo kuseri kwa khitchini, misozi ikungotsika.

"Ndaona bwino, atata. Musasaine."

"Chabwino, mama," anatero. Amanditchula choncho chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo. "Ndamva."

Bambo uja anapitanso kumudzi kamodzi. Ndinamva kwa mng'ono wanga kuti atata anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi madzi, n'kumuuza kuti mwana wawo anapita kwawo koma sanapeze anthu. Anamuuza kuti akadzamanga kwawoko adzabwerenso. Sanabwerenso, ndipo sindidziwa ngati anapeza dimba la munthu wina.

Mpunga uja unakhala pansi pa bedi langa. Sindinkafuna kuuona, komanso sindikanatha kuupereka kwa munthu. Nthawi ina tikulankhula pa foni, mvula itayamba ndipo iwo atandiuza kale kuti mtsinje wadzaza, ndinawafunsa ngati ndiwabwezere ndikadzabwera.

"Kodi ukadali nawo? Udzafumbwa. Phika udye."

"Unali wa akampani, atata."

"Akampani ndinali nawo chiyani ine? Ndinkangofuna akubweze kuno."

Ndinauphika Lamulungu, pa mbaula, pakhomo pa kachipinda kanga. Fungo lake linadzaza bwalo lonse mpaka mayi mwini nyumba anatuluka kudzafunsa kuti mpunga wotere ndagula kuti. Ndinati sagulitsa. Ndinamugawira pang'ono, wotsalawo ndinadya ndekha, wopanda ndiwo, nditayang'ana mpanda wa njerwa.

Ndikadali ku Lusaka. Ndikamva kuti kampu ina kwathu ikufuna wophika ndimatumiza mapepala anga, ndipo ndisanatumize ndimayamba ndafufuza dzina lake, tsopano ndekha pa foni. Dimba lilipo, mvuu zikudyabe chimanga, atata akuzikalipirabe. Nyumba ija anaimaliza. Ili ndi chitseko cha matabwa ndi zenera loyang'ana kumtsinje, ndipo nkhuku zikugonabe mu mtengo. Mng'ono wanga anawapempha kuti azisungamo mtedza wake, poti ikungokhala. Anamukaniza. Anati ili ndi mwini wake, ali pa ulendo.